Kupeza liwiro la chipika chotsetsereka pa thabwa lokhakhala pogwiritsa ntchito lamulo la ntchito ndi enaji

Funso lake limabwera motere: chipika cha makilogalamu 4 chaikidwa pamwamba pa thabwa lopendekeka madigiri 30, ndipo chikutsetsereka mamita 5 kukafika pansi. Thabwalo ndi lokhakhala, nambala ya fulikishoni yake ndi 0.25. Chipikacho chayamba chili chiimire. Kodi chifika pansi pa liwiro lotani? Tiyenda ndi funso limeneli mpaka kumapeto, ndipo g titenga 9.8 m/s².

Tisanagwire cholembera tigwirizane kaye pa mawu, chifukwa liwu loti mphamvu limanyamula katundu wambiri. Kukankha kapena kukoka timati mphamvu, ndipo chimene chinthu chothamanga chili nacho timatinso mphamvu, pamene mu fizikisi zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pano kukankha kapena kukoka ndizikutchula kuti fosi, ndipo timayeza mu manyutoni. Chimene chinthu chili nacho chifukwa choyenda ndizichitchula enaji ya kuyenda, ndipo timayeza mu majulu. Ntchito nayo timayeza mu majulu omwewo, chifukwa ntchito ndi enaji imene fosi yapereka kwa chinthu kapena yachilanda.

Lamulo lenilenilo ndi lalifupi. Mukaphatikiza ntchito ya fosi iliyonse imene ikugwira pa chipika, chimene mwapezacho n'chofanana ndi kusintha kwa enaji ya kuyenda ya chipikacho.

```
W_net = ½mv² − ½mu²
```

Apa u ndi liwiro loyambira, v ndi liwiro lomalizira, m ndi masi ya chipika. Ndiye kuti ntchito yanu yonse ili ngati ya mlembi wa kaundula: fosi iyi yalowetsa majulu angati, iyo yatulutsa angati, atsala angati.

Choyamba, onani ngati chipikacho chisuntha n'komwe

Ambiri amadumpha pamenepa. Chipika chokhala pa thabwa lokhakhala sichitsetsereka chifukwa choti thabwalo lapendekeka basi. Chikadali chiimire, chimagwiridwa ndi fulikishoni ya chinthu chosayenda, imene nambala yake timailemba μs, ndipo kawirikawiri imakhala yokulirapo kuposa nambala ya chinthu chimene chayamba kale kutsetsereka, μk. Chipika chimayamba chokha kuyenda pokhapokha tan θ ikaposa μs, pamene θ ndi kupendekeka kwa thabwa. Pa madigiri 30, tan θ ndi 0.577. Funso lathu latipatsa μk = 0.25 ndipo lanena lokha kuti chipikacho chikutsetsereka, choncho tipitirire. Koma funso likakupatsani μs ya 0.7 pa thabwa lomweli, osavutika kuwerengera liwiro: chipikacho chingokhala pomwepo, palibe fosi imene igwire ntchito, ndipo liwiro ndi ziro.

Chachiwiri, jambulani, ndipo sankhani poyambira ndi pothera

Jambulani thabwalo ngati mbali yaitali ya thirayango, chipika pamwamba pake. Lembani A pamene chikuyambira ndi B pamene chikuthera. Lamuloli limangoyerekeza malo awiri amenewa, ndiye ayenera kuoneka bwino. Pa A liwiro ndi ziro, choncho enaji ya kuyenda ndi ziro. Pa B ndi pamene pali v amene tikumufuna.

Kenako ikani mivi ya mafosi pa chipikacho. Ilipo itatu yokha. Kulemera kwa chipika, mg, kumaloza pansi choongoka, osati motsata thabwa. Fosi imene thabwa limachirikiza nayo chipika, N, imatuluka m'thabwa mopingasa nalo ndendende, madigiri 90. Fulikishoni, f, imagona motsata thabwa, ndipo imaloza kumtunda chifukwa chipika chikupita kumunsi. Mukaona kuti mwajambula muvi wachinayi woloza kumunsi motsata thabwa, dzifunseni kuti akukankha ndani. Ngati palibe dzanja kapena chingwe, muvi umenewo ndi gawo chabe la kulemera komwe mwajambula kale, ndipo mukauwerengera paokha mukhala mwawerenga kulemera kawiri.

Chachitatu, ntchito ya fosi iliyonse payokha

Ntchito ya fosi yosasintha ndi W = F d cos φ, pamene φ ndi ngodya ya pakati pa kumene fosi ikuloza ndi kumene chinthu chikupita. Ndalemba φ dala, kuti musaisokoneze ndi θ, kupendekeka kwa thabwa. Ndi ngodya ziwiri zosiyana, ndipo zolakwa zambiri zimabadwira pozisakaniza.

Tiyambe ndi yosavuta. N imapingasa ndi njira ya chipika, φ ndi madigiri 90, ndipo cos 90° ndi ziro. Ntchito yake ndi ziro. Ilembenibe m'kaundula wanu, kuti aliyense aone kuti simunaiiwale.

Ntchito ya kulemera ili ndi njira yachidule: chulukitsani kulemera ndi msinkhu umene chipika chatsika. Msinkhuwo si mamita 5 ayi. Mamita 5 ndi kutalika kwa njira motsata thabwa. Kutsika kwenikweni ndi h = d sin θ = 5 × 0.5, mamita 2.5. Kulemera ndi 4 × 9.8, manyutoni 39.2. Choncho:

```
W_g = mgh = 39.2 × 2.5 = +98 J
```

Ndi pulasi chifukwa kulemera kukuthandiza ulendowo. Amene akufuna kutsimikiza ndi fomula ya cos φ atha kutero: ngodya ya pakati pa muvi woloza pansi ndi thabwa ndi madigiri 60, cos 60° ndi 0.5, ndipo 39.2 × 5 × 0.5 ikupereka 98 yomweyo.

Tsopano fulikishoni, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Kukula kwake ndi f = μk N. Ndiye ngakhale N sinagwire ntchito iliyonse, sitingaitaye, chifukwa ndi imene ikutiuza kukula kwa fulikishoni. Chinthu chikakanikizana kwambiri ndi chinzake, kukhulana kumakulanso.

Msampha uli pa kulemba N = mg. Zimenezo n'zoona pamalo athyathyathya, pamene pansi pakusenza kulemera konse. Thabwa likapendekeka silisenzanso kulemera konse. Gawo lina la kulemera, mg sin θ, limakokera chipika kumunsi motsata thabwa, ndipo gawo limene limakanikiza thabwa ndi mg cos θ. Popeza chipika sichikulowa m'thabwa ndipo sichikudumphapo, N iyenera kufanana ndi gawo lachiwirili. Mukasokonezeka kuti sayini ipite kuti ndipo kosayini ipite kuti, musaloweze pamtima, ingoganizirani thabwa litagona pansi. Pamenepo θ ndi ziro ndipo N iyenera kukhala mg yonse. Popeza cos 0° ndi 1 pamene sin 0° ndi ziro, N ndi ya kosayini. Ganiziraninso thabwa litaimikidwa chilili ngati khoma: cos 90° ndi ziro, chipika sichikukanikiza thabwa, chikungogwa. Zikugwirizana.

```
N = mg cos θ = 39.2 × 0.866 = 33.95 N
f = μk N = 0.25 × 33.95 = 8.49 N
```

Fulikishoniyi ikukhula chipika pa njira yonse ya mamita 5, sentimita iliyonse. Choncho mtunda wochulukitsa nawo ndi d, osati h. Kulemera kumangosamala za kutsika, pamene fulikishoni imasamala za kutalika kwa njira imene chinthu chakhula. Ndipo popeza ikuloza kumene chipika chikuchokera, φ ndi madigiri 180, cos 180° ndi −1.

```
W_f = −f d = −8.49 × 5 = −42.4 J
```

Mainasi ameneyu ndiye amanena kuti fulikishoni yalanda enaji.

Chachinayi, phatikizani n'kupeza liwiro

```
W_net = 98 + 0 − 42.4 = 55.6 J
½ × 4 × v² − 0 = 55.6
v² = 27.8
v = 5.27 m/s
```

Chipikacho chifika pansi chikuthamanga pafupifupi mamita 5.3 pa sekondi. Musaiwale sikweya luti pa mzere womaliza. Munthu wotopa amalemba 27.8 ngati yankho n'kutseka kope.

Mukachita zonsezi ndi zilembo zokha, osaika manambala, mupeza chinthu chimene chimadabwitsa ambiri koyamba:

```
mgd sin θ − μk mgd cos θ = ½mv²
v² = 2gd(sin θ − μk cos θ)
```

Masi yafafanizika mbali zonse ziwiri. Chipika cha makilogalamu 40 chopangidwa ndi mtengo womwewo, pa thabwa lomwelo, chifika pansi pa liwiro lomwelo. Chikukokedwa mowirikiza kakhumi, chikukhulanso mowirikiza kakhumi, ndipo chimafunika enaji yowirikiza kakhumi kuti chifike pa liwiro limenelo. Ndiye funso likapanda kukupatsani masi, musaganize kuti wolemba waiwala. Ingolembani m, itha yokha.

Chachisanu, yesani yankho lanu

Pali malire amene yankho silingadutse. Thabwa likanakhala loterera kotheratu, majulu onse 98 akanasanduka enaji ya kuyenda, v² ikanakhala 49, ndipo v ikanakhala 7.0 m/s. Pa thabwa lokhakhala, chipika choyamba chili chiimire sichingapose pamenepo. Ine ndimawerengera malire amenewa ndisanayambe n'komwe za fulikishoni, chifukwa amatenga mzere umodzi koma amagwira zolakwa zazikulu. Mukaiwala mainasi n'kuphatikiza 98 ndi 42.4, mupeza majulu 140.4 ndi liwiro la 8.38 m/s, ngati kuti kukhakhala kwa thabwa kwathamangitsa chipika kuposa thabwa loterera. Mukasinthanitsa sayini ndi kosayini pa ntchito ya kulemera, mupeza majulu pafupifupi 170, zomwe zikutanthauza kuti chipika chatsika mamita 4.33 pamene thabwa lakwera mamita 2.5 okha.

Zolakwa zoopsa ndi zimene zimadutsa pa mayeso amenewa mwakachetechete. Mukalemba N = mg, fulikishoni ikhala manyutoni 9.8, ntchito yake −49, ndipo liwiro 4.95 m/s. Mukachulukitsa fulikishoni ndi h m'malo mwa d, mupeza 6.20 m/s. Manambala onse awiriwa ali pansi pa 7 ndipo amaoneka aulemu, koma ndi olakwika. Kuti muwagwire, yendani njira ina. Fosi yotsala motsata thabwa ndi mg sin θ − f, kutanthauza 19.6 − 8.49, manyutoni 11.11. Mukaigawa ndi masi mupeza a = 2.78 m/s², ndipo v² = 2ad ikupereka 27.8 yomwe ija. Dziwani kuti njira imeneyi imagwira cholakwa cha h ndi d, koma ngati N munaiphonya poyamba ndipo mwaitengeranso kuno, mayankho awiriwo agwirizana onse ali olakwika. Cha N chimagwidwa ndi kuganizira kuja kwa thabwa logona ndi thabwa loimirira.

Chinanso n'cha kakyuleta. Dinani sin 30 musanayambe. Ikakupatsani 0.5 muli bwino. Ikakupatsani −0.988, ndiye kuti ili pa `RAD`, ibwezeni pa `DEG`.

Chipika chikayamba chili kale ndi liwiro

Tinene kuti wina wachikankha, chachoka pa A chikuthamanga 2 m/s kulowera kumunsi, dzanja lachoka. Ntchito za mafosi sizisintha, akadali majulu 55.6, chifukwa fulikishoni ya chinthu chotsetsereka timaitenga kuti sidalira liwiro. Chimene chasintha ndi poyambira: ½ × 4 × 2² ndi majulu 8. Pa B pakhala majulu 63.6, v² ikhala 31.8, ndipo v ikhala 5.64 m/s.

Onani kuti si 5.27 kuphatikiza 2. Amene amaphatikizana ndi majulu, osati maliwiro. Kukankha kwa 2 m/s kwangowonjezera 0.37 m/s pofika pansi, chifukwa enaji imakula ndi sikweya ya liwiro: majulu 8 ndi ambiri kwa chipika chimene chikungoyamba kumene, koma ndi ochepa kwa chimene chikuthamanga kale.

Yankho likatuluka la mainasi

Tsitsani thabwalo lifike pa madigiri 10, zina zonse zikhale chimodzimodzi, ndi kukankha kuja kwa 2 m/s. Gawo la kulemera lokokera kumunsi tsopano ndi 39.2 × 0.1736, manyutoni 6.81. Fulikishoni ndi 0.25 × 39.2 × 0.9848, manyutoni 9.65. Onani kuti fulikishoni yakwera, kuchoka pa 8.49, chifukwa thabwa logona kwambiri limasenza gawo lalikulu la kulemera. Tsopano fulikishoni yaposa chokoka, ndipo pa mita iliyonse chipika chikutaya majulu 2.84. Mukangoika d = 5 mu fomula, mupeza 8 − 14.2, majulu −6.2, ndipo kakyuleta ikana kupeza sikweya luti.

Musafufute mainasiyo kuti zinthu ziyende. Enaji ya kuyenda singatsike kupitirira ziro, ndiye nambalayo ikukuuzani kuti chipika sichinafike pa B. Chinaima panjira. Funso loyenera tsopano ndi lakuti chinaima pati, ndipo lamulo lomwelo likuyankha mukaika v = 0 n'kusiya mtunda ukhale wosadziwika: 8 ÷ 2.84, mamita 2.8. Chikaima pamenepo, fulikishoni ya kutsetsereka yatha ntchito, ndipo siingachikankhe kubwerera kumtunda. Fulikishoni ya chinthu chosayenda ndi imene imachigwira, ndipo imangofanana ndi manyutoni 6.81 aja amene akuchikoka.

Njira ikakhala ya zigawo ziwiri

Apa ndi pamene lamuloli limaonetsa ubwino wake kuposa njira ya a ndi v² = 2ad. Tibwerere ku thabwa la madigiri 30, chipika choyamba chili chiimire. Chikafika pansi chikupitirira pamalo athyathyathya okhakhala chimodzimodzi, μk = 0.25. Titenga kuti polumikizira mpokhota bwino, chipika sichikugunda pansi n'kutayapo enaji. Chiyenda mtunda wotani chisanaime?

Simukufunikanso liwiro la pa B. Ikani poyambira pa A, pothera pa C pamene chaima. Enaji ya kuyenda ndi ziro konsekonse, choncho ntchito zonse pamodzi ziyenera kukwana ziro. Chofunika kukumbukira n'chakuti N yasintha: pathyathyathya N ndi mg yonse, ndipo fulikishoni ndi 0.25 × 39.2, manyutoni 9.8. Kulemera sikugwiranso ntchito m'gawo limeneli chifukwa chipika sichikutsika.

```
98 − 42.4 − 9.8x = 0
x = 5.67 m
```

Pali kanthu kokoma kobisika mu manambala amenewa. Ntchito ya fulikishoni pa thabwa ndi μk mg kuchulukitsa ndi d cos θ, ndipo d cos θ ndi mtunda umene chipika chayenda chopingasa, ngati mthunzi wa thabwalo dzuwa lili paliwombo, mamita 4.33. Phatikizani 4.33 ndi 5.67, mupeza mamita 10 ndendende, omwe ndi h ÷ μk, kutanthauza 2.5 ÷ 0.25. Ndiye kuti ngati kukhakhala n'kofanana njira yonse, chipika chotsika mamita 2.5 chikaima mamita 10 kuchokera pansi penipeni pa pomwe chinayambira, kaya thabwa ndi lotsetsereka kwambiri kapena pang'ono, bola likhale loti chipikacho chitha kuyamba kuyenda. Ndi njira yachangu yoyesera yankho la mafunso a mtundu umenewu.

Pamene njirayi imafuna kusamala

Lamuloli silinena za nthawi. Mu fomula yake mulibe t. Mukafunsidwa kuti chipika chatenga masekondi angati, mufunika china chowonjezera. M'funso lathu loyamba mafosi sakusintha, choncho liwiro likukwera mofanana kuchokera pa ziro kufika pa 5.27, liwiro la pakatikati ndi theka lake, 2.64 m/s, ndipo mamita 5 atenga masekondi 1.9.

N = mg cos θ nayo si ya nthawi zonse. Imagwira pamene palibe china chokanikiza kapena chonyamula chipika. Dzanja likamachikanikizira pa thabwa, N ikwera. Chingwe chikamachikoka chopendekera m'mwamba, N itsika, ndipo fulikishoni itsika nayo. Zikatero bwererani ku chithunzi, muwerengere N mwatsopano, kenako muwonjezere ntchito ya dzanjalo kapena chingwecho m'kaundula. Ndipo chinthu chikakhala choti chikugubuduka, monga mpira kapena gudumu, mawerengedwe awa sakukwanira, chifukwa gawo lina la enaji limalowa m'kuzungulira kwake.

Mabuku ena amalemba nkhani yomweyi mwa njira ina: amati chipika chinali ndi enaji ya msinkhu mgh pamwamba paja, ndipo fulikishoni yachotsapo gawo lake. Manambala amatuluka omwewo, 98 kuchotsa 42.4. Sankhani njira imodzi. Mukalemba ntchito ya kulemera mbali imodzi n'kulembanso mgh ngati enaji ya msinkhu mbali ina, majulu 98 aja mwawawerenga kawiri, kapena mwawafafaniza okha, malingana ndi mbali imene mwawaika.

Nanga majulu 42.4 aja apita kuti? Asanduka kutentha, kwina kwatsala kunsi kwa chipika, kwina m'thabwa motsata njira yonse, ndipo kachigawo kochepa kapita ndi phokoso la kukhulako. Ndi ochepa moti simungawamve ndi dzanja: madzi a galamu imodzi amafuna majulu pafupifupi 4.2 kuti atenthe ndi digiri imodzi, ndiye majulu 42.4 angatenthetse magalamu 10 a madzi ndi digiri imodzi yokha.

Mukafuna kuziona ndi maso, tengani thabwa, chipika ndi tepi yoyezera. Kwezani mbali imodzi ya thabwa pang'onopang'ono, mukumachigunda pang'ono chipikacho ndi chala kuti chiyambe kuyenda. Pa kupendekeka kwina chiziyenda n'kuima, pa kwina chizithamangira, ndipo pakati pake pali pomwe chizitsika pa liwiro losasintha. Pamenepo enaji ya kuyenda sikusintha, ndiye ntchito ya kulemera ndi ya fulikishoni zikufafanizana, ndipo μk = tan θ. Simufunika choyezera ngodya: yezani msinkhu wa mbali yokwezedwayo, mugawe ndi mtunda wa pansi wopingasa, kuchokera pansi pa nsonga yokwezedwayo kukafika pamene thabwa lagunda pansi. Kwa chipika chathu cha 0.25, thabwa likhala litakwera masentimita 25 pa mita iliyonse ya pansi, pafupifupi madigiri 14. Bwerezani kangapo, chifukwa thabwa silikhakhala mofanana paliponse, ndipo chipika chizichita ngati chikukodwa pamene pali mfundo kapena fumbi.